Anatuluka m'khoti akumwetulira koma mlandu sanawine: za saspendedi, pulobeshoni ndi komyuniti sevisi kuno ku Joni

Tsiku lomwe msuweni wanga anatuluka m'khoti osakwezedwa chigalimoto chopita ku Sun City, ndende yaikulu ija ya kumwera kwa tauni, a kwathu onse anamva kuti wawina mlandu. Alamu anaphika mpunga ndi nkhuku, anyamata anabwera ndi zakumwa, wina mpaka anaimbira amalume ku Ntcheu kuti mwana wanu uja boma lamupeza wosalakwa. Ine ndinangoti asuweni tandipatseni pepala lomwe akupatsanilo ndilione. Nditawerenga ndinawalanda botolo lomwe linali m'manjalo, chifukwa pa pepala lomwelo panalembedwa kuti mowa asaukhudze.

Mlandu wake unali wa ndewu. Anakangana ndi neba pa nkhani ya ngongole, iye n'kumutema ndi botolo pamutu, munthu anakasokedwa kuchipatala. Khoti linamupeza wolakwa pa mlandu womenya munthu ndi cholinga chomuvulaza kwambiri, kanali koyamba kupezeka ndi mlandu, ndiye majisitileti anagamula zinthu zingapo m'chigamulo chimodzi. Miyezi 18 ya kolekishono supavizhoni, yomwe ambiri amangoti hausi alesiti, ndipo mkati mwakemo azigwira komyuniti sevisi maola 16 mwezi uliwonse. Pamwamba pake miyezi 12 ya kundende koma saspendedi kwa zaka 5, bola asapezekenso wolakwa pa mlandu womenya munthu wochitika mkati mwa zaka 5 zimenezo, komanso alipire wovulazidwayo marandi 3,000 a kuchipatala, 500 mwezi uliwonse kudzera kwa kalaliki wa khoti.

Pakhomo la khoti zonsezi zimaoneka chimodzimodzi, munthu akupita kwawo basi. Zimasiyana pa funso limodzi: akukulondera ndi ndani? Ndipo anthu athu ambiri amene amadzagwidwa kachiwiri si kuti ndi ambanda ayi, amangokhala kuti sanadziwe amene akuwalondera.

Ndiyambe ndi saspendedi poti ndi imene imapusitsa kwambiri. Imachokera m'gawo 297 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu la dziko lino, la 1977. Khoti limatchula chilango chenichenicho, kaya miyezi 12 kaya zaka 2 kaya faini, kenako n'kunena kuti chilangochi tachipachika, sichigwira ntchito pokhapokha ukaphwanya zomwe takuuzazi. Likhoza kupachika chonse kapena gawo chabe, ndipo nthawi yopachikayo singapitirire zaka 5. Ndiye apa pali manambala awiri omwe anthu amawasokoneza, ndinamva ndi makutu anga wina akuti msuweni wangayo akalakwanso akakhala zaka 5. Ayi. Zaka 5 ndi kutalika kwa nthawi yomwe chinthucho chikulendewera pamutu pake, chikagwa ndi miyezi 12, kuonjezapo chilango cha mlandu watsopanowo, ndipo zilango ziwirizo zimatsatana chimodzi chikatha china, pokhapokha khoti litanena kuti ziyendere limodzi.

Amalondera ndani? Pa saspendedi wamba, ija yongoti usakapalamulenso, palibe. Palibe ofesala wobwera kunyumba, palibe kokasaina, ukhoza kusamuka, kusintha ntchito, kumwa mowa wako Loweruka, palibe akufunse. Mlonda wake ndi zala zako. Tsiku lomwe unagwidwa anakudinda zala, chigamulo chitaperekedwa chinalowa pa lekodi ya apolisi, ndiye tsiku lina ukadzagwidwa kwina ngakhale ku Durban, adindanso zala, ndipo usanapatsidwe chilango pulosekyuta amatulutsa pepala lija amati SAP 69, pamene pamalembedwa milandu yako yonse yakale ndi zilango zake. Apo ndi pamene saspendedi imadzuka. Amene amaganiza kuti akatchula dzina lina kupolisi ndiye wathawa, zala sizisintha dzina, angodziwonjezera bodza pamaso pa majisitileti.

Mawu a kondishoniyo muziwawerenga ngati mmene mumawerengera mgwirizano wa lendi. Ya msuweni wangayo ikuti asapezeke wolakwa pa kumenya munthu kochitika mkati mwa nthawi yopachikayo. Tanthauzo lake, akagwidwa akuyendetsa galimoto opanda laisensi umenewo ndi mlandu wina, miyezi 12 ija siikhudzidwa. Kungomangidwa kokha sikokwanira, mpaka khoti limupeze wolakwa. Koma chomwe chimawerengedwa ndi tsiku lomwe ndewuyo yachitika osati tsiku la chigamulo, ndiye akamenya munthu mwezi womaliza wa chaka chachisanu, mlandu n'kukokedwakokedwa mmene imachitira milandu ya kuno mpaka kudzagamulidwa chaka chachisanu ndi chimodzi, ili mkati ndithu. Ena kondishoni yawo imakhala yotambalala, yoti mlandu uliwonse wokhudza chiwawa kapena wokhudza kusakhulupirika, apo kuba, chinyengo ndi kulandira katundu wakuba zonse zikhoza kulowa. Ngati simunamve bwino funsani womasulira abwereze pompo, kumasuliridwa m'chiyankhulo chomwe mukumva ndi ufulu wanu m'khoti la kuno, musamangoti yesi yesi pofuna kutuluka msanga.

Chinanso, sigwa yokha. Pulosekyuta amayenera kupempha khoti kuti chilango chopachikidwacho chiyambe kugwira ntchito, iwe umapatsidwa mpata woyankha, ndipo lamulo lomwelo limalola khoti kuchipachikanso ngati waonetsa kuti walephera pa zifukwa zomwe sukanatha kuziletsa kapena pali chifukwa china chomveka. Izi zimathandiza kwambiri pa kondishoni ya ndalama. Marandi 500 a mwezi ndi mwezi aja, amenewo ndiye ali ndi wowayang'ana, kalaliki wa khoti amaona kuti mwezi uno sizinalowe, wovulazidwayonso amapita kukafunsa. Ntchito ikatha usadikire walanti, pita kukhoti ndi kalata yokuchotsa ntchitoyo ukafotokoze. Ndipo ndalamazo zizidutsa kwa kalaliki ndi kulandira lisiti. Msuweni wanga mwezi wina anafuna kungomupatsa m'manja nebayo poti anali atagwirizananso, ndinamuletsa, chifukwa mawa akakanganaso nebayo angoti sindinalandire kanthu ndipo m'buku la khoti mukhala mopanda kanthu.

Si mlandu uliwonse ungapachikidwe. Milandu ikuluikulu yomwe lamulo la 1997 linaiikira chilango chochepetsetsa, monga kupha, kugwiririra ndi kuba ndi mfuti, khoti likapereka chilango chimenecho silingachipachike. Ndiye wina akakulonjezani saspendedi pa mlandu wakuba ndi mfuti bola mumupatse kangachepe, dziwani kuti akukudyerani.

Tsopano mawu oti pulobeshoni. Kuno mawuwa ali pawiri ndipo ine ndemwe ananditengera nthawi. Pali ma pulobeshoni ofesala, awa ndi ma soshowaka a unduna wosamalira anthu, amagwira ntchito pansi pa lamulo la 1991. Ntchito yawo yaikulu ndi kufufuza moyo wa munthu n'kulembera khoti lipoti chilango chisanaperekedwe, ndipo khoti likhoza kuika ngati kondishoni ya saspendedi kuti uziyang'aniridwa ndi mmodzi wa iwo, uzikaonekera kwa iye, uzipita ku maphunziro a kuugwira mtima kapena kosiyitsa mowa ndi mankhwala. Zimenezi zimachitika kwambiri kwa ana osakwana zaka 18. Koma munthu wamkulu akati ndili pa pulobeshoni, nthawi zambiri akunena kolekishono supavizhoni, ndipo amene amamulondera si soshowaka ayi, ndi a dipatimenti ya ndende, omwe aja a yunifomu ya bulauni, kungoti nthambi yawo yoona anthu osewezera kunja ili ndi maofesi ake m'matauni. M'mabuku awo iwe ndiwe mkaidi wogona kwawo. Musasokonezenso ndi palolo, palolo ndi ya munthu amene walowa kale m'ndende n'kutulutsidwa nthawi isanathe, ngakhale ofesi yowalondera ndi imodzi yomweyo.

Chilango chimenechi chinalowa m'malamulo a kuno mu 1991, ndipo chili mitundu iwiri yomwe maloya amangoitchula ndi manambala. Ya 276(1)(h) sulowa m'ndende ngakhale tsiku limodzi, ndipo pa milandu wamba singapitirire zaka 3. Ya 276(1)(i) umayamba walowa kaye, chilango chake sichipitirira zaka 5, ukatha gawo limodzi mwa magawo 6 a ndende akhoza kukutulutsa kuti ukamalizire kunyumba. Kachilembo kamodzi ka m'mabulaketi kameneko ndi kusiyana kwa kugona kunyumba ndi kugona ku Sun City usiku umenewo, ndiye loya akamati tipempha kolekishono supavizhoni mufunseni kuti iti. Amene munali kuno mu 2014 mukukumbukira Oscar Pistorius, jaji Thokozile Masipa anamupatsa zaka 5 pansi pa (i), n'chifukwa chake patangotha chaka anali kunyumba kwa amalume ake ku Pretoria anthu n'kumadabwa kuti zatheka bwanji. Tsiku lomwelo anapatsidwanso zaka 3 saspendedi kwa zaka 5 pa mlandu wina woombera mfuti mu lesitanti kuno ku Joni. Pambuyo pake khoti la apilo linasintha mlanduwo kukhala wakupha ndipo anabwerera m'ndende, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Khoti silingapereke (h) popanda lipoti, la pulobeshoni ofesala kapena la ofesala wa ndende. Apa ndi pamene ife obwera timagwera. Munthu akapezeka wolakwa, loya wake, kaya wolipira kaya waulere wa Ligo Edi, amapempha kuti mlandu uimitsidwe kaye kuti lipotilo lilembedwe, zimatenga masabata angapo. Ofesala amabwera kudzaona komwe umakhala, ndipo amabweradi. Kwa msuweni wanga anafika masana dzuwa lili pamutu, anaona chipinda cha kuseli chomwe amachita lendi, anayankhula ndi alamu kuwafunsa ngati akuvomera kuti munthuyu azisewezera pakhomopo, anafunsa landilodi, anaimbira bwana wake wa ku galaja. Funso lomwe ali nalo m'mutu ndi limodzi, munthu ameneyu ndikamufuna 11 koloko usiku ndimupeza? Ngati umakhala mu mkhukhu wopanda nambala, kapena m'zinyumba za m'tauni zolandidwa zija zomwe ngakhale apolisi amalowa ali gulu, kapena umagona mosinthana ndi anzako asanu ndipo palibe angakusainire, lipoti limabwera loti munthuyu sangalondereke, ndipo majisitileti ngakhale atakumvera chisoni chotani manja ake amakhala omangika. Ndimaona kuti apa lamuloli limakondera amene ali ndi geti ndi nambala ya nyumba, anthu awiri olakwa mofanana wina akagona kwawo wina kundende chifukwa cha adilesi basi. Koma ndi mmene zilili, ndiye abale ngati munthu wanu akudikira lipoti, ntchito yanu si kusonkha ndalama za loya zokha, pezani wachibale wa adilesi yooneka amene angavomere kumusunga, ndipo akhaledi komweko osati kungobwereka adilesi.

Za mapepala nazo n'zosabisa. Msuweni wanga ake ali bwino kudzera kwa mkazi wake yemwe ndi wa konkuno. Amene pasipoti yake inatha masiku kalekale, kawirikawiri chilango chosewezera kunja samupatsa, chifukwa khoti likhala ngati likulamula munthu kukhala m'dziko mosaloledwa kwa miyezi 18, komanso kukhala opanda mapepala ndi mlandu pawokha wofika zaka 2. Saspendedi akhoza kupatsidwa, koma sizitanthauza kuti abwerera kuchipinda kwake, a Homu Afeyazi akhoza kumutengera ku Lindela ku Krugersdorp, kosungira obwera opanda mapepala, kudikira basi ya kumudzi. Ndiye mukamva kuti wapatsidwa saspendedi musathamangire kugula nkhuku, yambani mwamuona watuluka pageti.

Kwa azimayi pali chinthu china chofunika kuuza loya msanga. Mu 2007 khoti la malamulo aakulu, lija lili pa ndende yakale ku Braamfontein, linagamula mlandu wa mayi wina wa ana atatu yemwe anapezeka wolakwa pa chinyengo, linati khoti lisanatumize kundende munthu amene akulera ana liyenera kuganizira kuti anawo atsala bwanji, ndipo mayiyo linamusinthira chilango kuti asewezere kunja. Si chiphaso chothawira ndende, mlandu ukakula upitabe. Komanso akunena munthu amene amakhala ndi anawo, kuwasambitsa, kuwaphikira, kuwaperekeza kusukulu. Ngati ana ali kwa agogo awo ku Mangochi iwe umangotumiza ndalama, zimenezo zimanenedwa pochepetsa chilango koma si chimodzimodzi.

Nanga moyo wa hausi alesiti umakhala bwanji. Akangogamula umauzidwa tsiku lokaonekera ku ofesi, amakutsegulira failo, amakupatsa ofesala wako, n'kulemba ndandanda ya sabata yako yonse. Maola a ntchito ndi a pamsewu amawachotsera, a kutchalitchi kapena kumzikiti amawachotsera, a komyuniti sevisi ndi a maphunziro aja, kenako timaola tochepa togulira zinthu. Otsala onsewo ukhale pakhomo. Osati kwa neba, osati pa shopu ya pakona, pakhomo. Msuweni wanga amaweruka 5 koloko, pofika 7 akhale atalowa, tsiku lomwe matakisi avuta amaimba foni ali pamzere kuti bwana ndachedwa ndili pa renki, chifukwa kufotokoza zisanachitike ndi kufotokoza atakupeza kulibe ndi zinthu ziwiri zosiyana. Amabwera osanena, usiku, m'mawa kwambiri, Lamulungu masana, nthawi zina amangoimba kapena kudutsa kuntchito, ukasaina m'buku iwo n'kumapita. Akhoza kukuuziritsa kachipangizo ka mowa ngati kondishoni yako ikuletsa kumwa. Miyezi yoyamba amabwera pafupipafupi, ukamayenda bwino amachepetsa n'kukuonjezera maola omasuka. Pali kakomiti koyang'anira komwe kamakhala pansi kuona failo yako nthawi ndi nthawi, ndi kamene kamamasula kapena kumangitsa.

Chomwe chinatsala pang'ono kumugwetsa ndi kusamuka. Landilodi anakweza lendi, iwo anapeza chipinda china misewu iwiri yokha kuchoka pamenepo, anasamuka Loweruka n'kumati tikawauza tsiku losaina. Ofesala anabwera Lamulungu usiku anapeza loko, anabweranso mkati mwa sabata anapeza anthu ena, ndipo m'buku mwake zimenezo sizilembedwa kuti wasamuka, zimalembedwa kuti sakupezeka. Anaitanidwa pamaso pa kakomiti kaja. Mwamwayi anali asanajombepo kuntchito kapena ku komyuniti sevisi, bwana wake anamuikira umboni, ndiye anangomuchenjeza molemba, kumulanda maola omasuka kwa kanthawi, ndipo adilesi yatsopanoyo anachita kukaiona kaye asanaivomereze. Dongosolo lake n'loti umapempha usanasamuke, osati kudziwitsa utasamuka kale. Chimodzimodzi kusintha ntchito kapena mashifiti.

Makwerero ake amayenda chonchi, cholakwa chaching'ono amakudzudzula, chikabwerezeka amamangitsa makondishoni, chikakula amakubweza kukhoti, ndipo dipatimentiyo ili ndi mphamvu yotulutsa walanti yokumanga. Ukabwerera kukhoti majisitileti amachiyang'ananso chilango chonse ndipo akhoza kuika china chilichonse choyenera mlandu woyamba uja, kuphatikizapo ndende. Kuzemba osaonekanso ndi mlandu wina wapadera pamwamba pake.

Kenako kunagwa maliro. Agogo athu anatisiya mwezi wachisanu ndi chitatu wa chilangocho, ndipo kondishoni ina imati asatuluke m'dera la khotilo popanda chilolezo, ndiye ngati kupita ku Pretoria kokha kumafuna kupempha, nanga kuwoloka Beitbridge mpaka Mwanza. Pasipoti anali nayo m'manja, palibe anamulanda, mabasi ali pa Park Station tsiku ndi tsiku, ndipo achibale ena ankati inu pitani masiku anayi okha adziwa ndani. Anakapempha, anamuuza kuti kunja kwa dziko sizitheka chifukwa kumeneko sangamulondere. Analira ngati mwana. Ndinamuuza kuti asuweni mukakwera basi imeneyo agogo mukawaika inde, koma pobwera mukhala munthu wa walanti, ndipo miyezi 8 mwavutika kale ija simudziwa ngati khoti lidzaiwerengere. Amalume nawo pa foni anati mwananga khala komweko, tumiza chipepeso, manda sathawa udzawaona. Anatsala, ine ndi amene ndinapita.

Komyuniti sevisi ndiye ambiri timaidziwa kuchokera kumudzi, timawaona anthu akutchetcha pa khoti kapena kusesa pa chipatala m'malo mopita ku Maula kapena ku Chichiri. Kuno chofunika kudziwa n'choti kwa munthu wamkulu siiyima payokha ngati chilango, imakhala kondishoni yokoleka pa chinthu china, ndipo pomwe yakolekedwapo ndi pamene pamanena wokulondera komanso chomwe chigwe ukajomba. Ikakhala mkati mwa kolekishono supavizhoni ngati ya msuweni wangayi, akulondera ndi a ndende, ndipo lamulo lawo la 1998 limati maola asachepere 16 pa mwezi pokhapokha khoti litanena zina. Ikakhala kondishoni ya saspendedi, khoti limatchula bungwe kapena munthu woyang'anira, nthawi zambiri pulobeshoni ofesala kapena bungwe ngati NICRO lomwe lakhala likugwira ntchito ndi olakwa kuyambira 1910, ndipo ukajomba chomwe chimadzuka ndi chilango chopachikidwa chija.

Masamu ake, maola 16 kwa miyezi 18 ndi maola 288. Pa pepala akuoneka ochepa. Koma kwa munthu wa ku galaja amene Loweruka ndi tsiku la makasitomala, ndi ma Loweruka awiri athunthu mwezi uliwonse osalipidwa, masiku 36 onse pamodzi, ndipo thiransipoti ndi chakudya ndi zako. Iye anamuika pa kiliniki ina, kusesa panja, kutchetcha, kukankha mabini. Ena amapita kupolisi kukatsuka, kusukulu, kosungira okalamba. Pamalopo pamakhala munthu wosunga lejisitala, umasaina polowa ndi potuluka, iye n'kusainira, ofesala amabwera kudzatenga maolawo ndipo nthawi zina amangotulukira kudzaona ngati ulipodi. Ola lomwe silinalembedwe ndiye kuti sunagwire, olo utatuluka thukuta lotani. Kunachitika tsiku lina kuti wosunga bukuyo sanabwere, msuweni wanga anagwira tsiku lonse n'kubwerera osasaina, kumapeto kwa mwezi maola 8 akusowa, anachita kubwezera Loweruka lina. Kuchokera apo anagula kakope kake, tsiku lililonse amalemba deti, nthawi, ndi kupempha aliyense wa udindo amene alipo kuti asaine, n'kujambula tsamba la lejisitalalo pa foni.

Ndipo chizolowezi chathu chija chogwirirana ganyu, choti lero ndatanganidwa pita iwe ukandigwirire, apa ayi. Pa komyuniti sevisi ya gawo 297 lamulo linachita kulemba kuti kudzionetsa ngati ndiwe munthu wolamulidwayo ndi mlandu, kufika utaledzera ndi mlandunso, ndiye ukhala wamulowetsa m'mavuto mnzako wokuthandizayo. Ukadwala tenga pepala la kuchipatala tsiku lomwelo. Kuunjika maola kuti ndidzagwira onse mu Disembala galaja ikatseka, zimenezo umayamba wagwirizana ndi ofesala, chifukwa chigamulo chikuti mwezi uliwonse.

Miyezi 18 inatha, anamupatsa kalata yoti wamaliza, usiku umenewo anayenda mpaka pa shopu ya pakona 10 koloko popanda chogula, kungofuna kuyenda. Marandi 3,000 anamaliza mwezi wachisanu ndi chimodzi, malisiti onse 6 ali mu envulopu limodzi ndi pasipoti. Koma miyezi 12 ija ikadali m'mwamba kwa zaka zina zitatu ndi theka, ndipo iyoyo palibe adzamulembere kalata yoti yatha, amangoyenera kuwerenga yekha kuchokera pa deti ya chigamulo.

Chotsala ndi lekodi. Saspendedi, hausi alesiti, komyuniti sevisi ya chigamulo, zonsezi zimabwera munthu atapezeka wolakwa, ndiye zimatuluka pa polisi kiliyalensi yomwe amaifuna pokonzanso pemiti ndiponso pa ntchito zambiri monga za ulonda ndi zoyendetsa galimoto. Lamulo la olowa m'dziko la 2002 limalola a Homu Afeyazi kutcha munthu wosafunika m'dziko ngati anapezeka wolakwa n'kupatsidwa chilango chopanda mwayi wa faini, ndiye wa pemiti auze loya wake za pemitiyo chilango chisanaperekedwe, loyayo adziwe chopempha. Lekodi ya chilango chopachikidwa chonse kapena ya kolekishono supavizhoni ya (h) ikhoza kufufutidwa, koma patatha zaka 10 kuchokera tsiku lopezeka wolakwa, ngati m'zaka zimenezo sunapatsidwe ndende yopanda faini, ndipo siifufutika yokha, umalemba fomu J744 n'kuitumiza ku unduna wa zachilungamo ku Pretoria limodzi ndi kiliyalensi yatsopano. Msuweni wanga anawerengetsa pa zala kuti nthawi imeneyo mwana wake woyamba adzakhala ali ku sekondale.